Manambala amwayi ndi atsoka pakati pa Matchaina

Nambala 4 m'Chimandarini, chinenero chachikulu cha dziko la Tchaina, imatchulidwa kuti sì. Mawu otanthauza kufa amatchulidwa kuti sǐ. Malembo a mawu awiriwa ndi osiyaniranatu, woyamba ndi 四 pomwe wachiwiri ndi 死, koma pakamwa amangosiyana kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu. Potchula nambala ija liwu limagwa kuchoka pamwamba, ndipo potchula imfa liwu limayamba latsika kenako n'kukwera. Wolankhula Chichewa sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa iyenso amasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika pongosintha kamvekedwe ka liwu. Kufanana kwa katchulidwe kotereku ndiko gwero la zikhulupiriro zambiri za Matchaina zokhudza manambala. Nambala imaweruzidwa ndi khutu: chimene imakumbutsa ikatchulidwa ndicho mwayi kapena tsoka lake.

Zinenero za ku Tchaina zili ndi mawu ambiri aafupi omveka mofanana, kotero masewera a katchulidwe ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku. Pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano mabanja amadya nsomba chifukwa dzina lake, yú, limamveka ngati mawu otanthauza zotsala kapena zochuluka. Wotchi yapakhoma siperekedwa ngati mphatso chifukwa kunena kuti kupereka wotchi, sòng zhōng, kumamveka ngati kuperekeza munthu kumanda. Manambala ali m'gulu lomweli. Munthu akapatsa mnzake ndalama zokwana 888, wamuuza mawu ena ake popanda kutsegula pakamwa, ndipo akamupatsa 444 wamuuzanso mawu, koma oipa.

Nambala yokondedwa kuposa zonse masiku ano ndi 8. M'Chimandarini ndi bā, ndipo imayandikira mawu akuti fā, chiyambi cha fācái, kutanthauza kulemera. M'Chikantoni, chinenero cha ku Hong Kong ndi m'chigawo cha Guangdong, kufananako n'kwakukulu zedi: 8 ndi baat, kulemera ndi faat. Ambiri amaona kuti kutchuka kwa 8 m'dziko lonse kudafala kuchokera kumwera komweko, makamaka dziko la Tchaina litatsegula zitseko za malonda kuyambira mu 1978, pamene amalonda a ku Hong Kong adakhala chitsanzo cha kutukuka. Masewera a Olimpiki a ku Beijing adatsegulidwa pa 8 Ogasiti 2008, nthawi ya 8 koloko usiku, ndipo tsiku lomwelo anthu ambirimbiri adakalembetsa maukwati awo.

Nambala 6, liù, imamveka ngati mawu onena za kuyenda bwino kwa madzi kapena chinthu choterera, choncho imaimira ntchito yoyenda popanda chopinga. Izi zimadabwitsa Akhristu ambiri, chifukwa 666 imene amaidziwa ngati nambala ya chilombo ndi dalitso kwa Mtchaina, ndipo ikhoza kulembedwa pa chitseko cha sitolo mwachimwemwe. Nambala 9, jiǔ, imamveka chimodzimodzi ndi mawu otanthauza kukhalitsa, kotero ndi ya maukwati, ubwenzi ndi moyo wautali. Mnyamata wofunsira mbeta atha kutumiza maluwa 99.

Ulemu wa 9 ndi wakale kuposa wa 8, ndipo sudalira katchulidwe kokha. M'maganizidwe akale a Matchaina manambala osagawika pawiri ndi a yáng, mphamvu ya kuwala ndi kumwamba, pomwe ogawika pawiri ndi a yīn. Pokhala yaikulu pa manambala onse a yáng osafika khumi, 9 idakhala nambala ya mfumu yaikulu. Zitseko zikuluzikulu za nyumba yachifumu ya ku Beijing zili ndi misomali yokhala ndi mitu yagolide m'mizere isanu ndi inayi, mzere uliwonse misomali isanu ndi inayi, yonse pamodzi 81. Tsiku la 9 la mwezi wa 9 pa kalendala yachikale ndi chikondwerero cha Chongyang, chimene lero chimasungidwanso ngati tsiku lolemekeza okalamba.

Nambala 2 imakondedwa chifukwa cha ganizo lakuti zabwino zimabwera ziwiriziwiri. Pa ukwati pamamatidwa chilembo chofiira 囍, chomwe ndi chilembo cha chimwemwe cholembedwa kawiri mogundizana. Nambala 7 ili pakati. Mwezi wachisanu ndi chiwiri pa kalendala yachikale ndi mwezi wa mizimu, umene ambiri amapewa kukwatira kapena kusamuka, ndipo miyambo ya maliro imachitika masiku asanu ndi awiri alionse mpaka tsiku la 49. Koma tsiku la 7 la mwezi womwewo ndi Qixi, chikondwerero cha okondana.

Pamene zikhulupirirozi zimaonekera kwambiri ndi pa envelopu yofiira, yotchedwa hóngbāo m'Chimandarini ndi laisi m'Chikantoni. Imeneyi ndi mphatso ya ndalama yoperekedwa pa Chaka Chatsopano, pa ukwati, pobadwa mwana ndi pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa munthu wamkulu. Ndalama zake zimakhala zamapepala, zatsopano ngati n'kotheka, ndipo masiku oyandikira Chaka Chatsopano anthu amaima pamizere kubanki kukasinthitsa zakale. Envelopu imaperekedwa ndi manja awiri ndi kulandiridwanso ndi manja awiri, ndipo kawirikawiri wolandira saitsegula pamaso pa wopereka.

Kasankhidwe ka ndalama zoika m'katimo kamamveka bwino potsata chitsanzo chimodzi. Munthu wogwira ntchito mu mzinda wina waukulu waitanidwa ku ukwati wa mnzake wa kuntchito, ndipo thumba lake likumulola kupereka mayuwani apakati pa 400 ndi 800. Nambala yoyamba kuichotsa ndi 400, pamodzi ndi ina iliyonse yokhala ndi 4 woonekera, monga 440 kapena 540. Ndalama zokwana 500 anthu ambiri amapereka popanda vuto, koma mabanja osunga mwambo amaziona ngati zosagawika pawiri chifukwa zikuyamba ndi 5, ndipo pa ukwati chinthu chopanda chinzake chimakumbutsa kukhala wekha. Choncho 600 ndi yabwino, 666 ndi yabwino koposa chifukwa ikufunira banja latsopanolo ulendo wosalala, ndipo 800 kapena 888 ikulifunira chuma.

Koma nkhani sithera pa katchulidwe. Pakhomo lolowera kuphwando pamakhala tebulo pomwe achibale amalandira maenvelopu ndi kulemba m'buku dzina la wopereka ndi ndalama zake. Bukuli limasungidwa zaka zambiri. Ngati mkwati wa lero adapereka 600 pa ukwati wa mlendoyu zaka zingapo zapitazo, mlendoyu sangabweze zochepera pamenepo, ndipo ulemu umafuna kuti awonjezereko pang'ono. Ndiye kuti 600 yatsika, ndipo zotsala ndi 666, 688 kapena 800. Munthu amene angapereke mayuwani 88 okha poganiza kuti nambala yamwayi ikwirira kuchepa kwa ndalamazo walakwitsa kuposa amene wapereka 500. Nambala yabwino imakometsa mphatso imene yakwana kale pa muyezo wa ubale wa anthu awiriwo.

Lamulo la manambala ogawika pawiri lili ndi malire ake. M'madera ena a kumpoto, makolo a mnyamata amapatsa mpongozi wawo mayuwani 10,001, kutanthauza kuti iye ndi mmodzi wosankhidwa pakati pa anthu zikwi khumi. Apa yuwani imodzi yotsalayo ndiyo mutu wa uthenga wonse. Mphatso za katundu zimatsata ganizo la ziwiriziwiri lomwelo: mabotolo awiri a mowa, mabokosi awiri a tiyi, zipatso zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu. Ku Singapore ndi ku Malaysia, mlendo wa pa Chaka Chatsopano amafika ndi manachesi awiri, ndipo pochoka eni nyumba amamupatsanso awiri.

Pa maliro zonse zimatembenuka. Chipepeso chimaikidwa mu envelopu yoyera, popeza mtundu woyera ndi wa chisoni, ndipo ndalama zake zimakhala zosagawika pawiri kuti tsoka lisabwere kawiri. Ku Hong Kong anthu amapereka madola 101, 301, 501 kapena 1,001. Dola imodzi yapamwambayo ili ndi chifukwa chake chimene anthu a kumeneko amachifotokoza motere. Anamfedwa amapatsa aliyense wobwera kudzakhuza maliro kaenvelopu kokhala ndi switi, kapepala kopukutira misozi ndi ndalama yachitsulo ya dola imodzi. Wopepesa akadapereka 100 yeniyeni, ndiye kuti pochotsa dola yobwezedwayo patsala 99, nambala ya kukhalitsa, ndipo palibe amene amafunira banja kuti chisoni chake chikhalitse. Akapereka 101 zotsala sizithera pa 9. Switi ija imadyedwa tsiku lomwelo, ndipo dola ija imagwiritsidwa ntchito munthu asanafike kunyumba. Chitsanzo chimenechi chikuonetsa bwino kuti nambala imodzi yomweyo, 9, ndi dalitso pa ukwati koma ndi mawu osayenera pa maliro.

M'masitolo ndi m'malo odyera a Matchaina mitengo yambiri imathera pa 8. Pomwe sitolo ya ku Ulaya imalemba 99 kuti katundu aoneke wotsika mtengo, ya ku Tchaina imalemba 88, 168, 288 kapena 1,888. Nambala 168 imakondedwa mwapadera chifukwa yī liù bā imamveka ngati yī lù fā, kulemera ulendo wonse, ndipo 518 imamveka ngati wǒ yào fā, ndilemera. Mitengo yothera pa 4 imapezeka, koma ndi yochepa poyerekeza ndi ina. Ngakhale makampani akuluakulu amatsata zomwezi. Kampani ya Alibaba itayamba kugulitsa masheya ake ku New York mu 2014, mtengo woyambira udali madola 68, ndipo italowa pa msika wa masheya wa ku Hong Kong mu 2019 idatenga nambala 9988.

Pali nambala ina imene wamalonda wochokera kunja, kuphatikizapo Amalawi opita kukapikula katundu ku Guangzhou, ayenera kuidziwa. Nambala 250, èrbǎiwǔ, ndi chipongwe chotanthauza chitsiru. Apa katchulidwe ka imfa kapena chuma sikakukhudzidwa ayi. Imodzi mwa nthano zofotokoza chiyambi chake imati kale siliva ankamangidwa m'mitolo ya miyezo 500, ndipo mawu akuti theka la mtolo amamveka ngati akuti wamisala pang'ono. Wogulitsa akatchula 300 ndipo wogula n'kunenerera kuti apereka 250, wogulitsayo nthawi zambiri amasankha 248, 255 kapena 260 kuti nambala ija isatchulidwe pakati pawo. Kuika 250 mu envelopu yofiira ndi kunyoza wolandira, ngakhale woperekayo asakudziwa.

Manambala enieniwo amagulidwanso ngati katundu. Mu 2003 kampani ya ndege ya Sichuan Airlines idagula nambala ya foni ya 8888 8888 mu mzinda wa Chengdu pa mtengo wa mayuwani 2.33 miliyoni. Boma la Hong Kong limagulitsa manambala a galimoto pa okushoni, ndipo mu 2008 nambala 18 idagulidwa pa madola a kumeneko 16.5 miliyoni, pomwe mu 2016 nambala 28 idapita pa madola 18.1 miliyoni. M'Chikantoni 28 imamveka ngati kulemera mosavuta. Kumbali inayo, nambala ya foni yodzaza ndi 4 imapezeka mosavuta ndiponso motchipa. Oipitsitsa ndi 14 ndi 24: kwa Akantoni 14 imamveka ngati kufa ndithu ndipo 24 ngati kufa mosavuta, pomwe m'Chimandarini 514 ikhoza kumveka ngati munthu akunena kuti ndifa.

Pa nyumba zosanjikizana kupewa 4 kumaoneka ndi maso. Munthu akalowa m'chikepe cha nyumba zambiri za ku Hong Kong amapeza kuti mabatani akuchoka pa 3 kupita pa 5, ndipo 14, 24 ndi 34 palibe, nthawi zina 13 palibenso chifukwa cha chikhulupiriro cha Azungu. Ku Singapore ndi ku Malaysia nsanjika yachinayi nthawi zina imalembedwa 3A. Mchitidwewu udafika pachimake pa nyumba ya 39 Conduit Road ku Hong Kong, imene ili ndi nsanjika 46 koma yapamwamba yake idapatsidwa nambala 88. Anthu atadandaula mu 2009, boma lidakhwimitsa malangizo mu 2010, n'kulola kudumpha 4, 13 ndi manambala othera pa 4 okha. Mzinda wa Vancouver ku Canada, komwe kuli Matchaina ambiri, udaletsa kudumpha manambala pa nyumba zatsopano mu 2015. Chifukwa chake n'chomveka: wozimitsa moto amene akukwera masitepe mu utsi amawerenga nsanjika mmene zilili, ndipo nambala yodumphidwa ikhoza kumusocheretsa.

Mtengo wa chikhulupirirochi udayezedwapo. Akatswiri a zachuma a pa yunivesite ya British Columbia adafufuza malonda a nyumba oposa 100,000 m'dera la Vancouver, ndipo adapeza kuti m'malo okhala Matchaina ambiri nyumba za nambala yothera pa 4 zinkagulidwa motsika ndi 2.2 pa 100 iliyonse, pomwe zothera pa 8 zinkagulidwa mokwera ndi 2.5 pa 100 iliyonse. Pa nyumba ya madola 500,000, kumeneko ndi kutaya 11,000 kapena kupindula 12,500. Apa pali mfundo yofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Wogula nyumba safunika kukhulupirira kuti 4 imapha kuti aipewe. Zimangokwanira kuti akudziwa kuti tsiku lodzagulitsa nyumbayo ogula ena adzaikana. Motero chikhulupirirocho chimadzilimbitsa chokha, ndipo ngakhale munthu wosakhulupirira amachitsata pofuna kuteteza ndalama zake.

Mafoni ndi makompyuta adatsegulira manambala ntchito yatsopano. Kulemba zilembo za Chitchaina pa foni zakale kunkatenga nthawi, choncho achinyamata adayamba kulemberana ndi manambala omveka ngati mawu. Yotchuka kwambiri ndi 520, wǔ èr líng, imene imayandikira wǒ ài nǐ, ndimakukonda. Kufananako n'kwapatali ndithu, koma anthu adagwirizana kuti kukhale choncho, ndipo tsiku la 20 Meyi, lolembedwa 5.20, lasanduka tsiku la okondana limene maofesi olembetsa maukwati amadzaza. Nambala 1314 imamveka ngati yīshēng yīshì, moyo wonse. Zikaphatikizidwa, 5201314 ndi lonjezo la chikondi cha mpaka imfa. Nambala 4 ili momwemo ndipo palibe amene amaiopa, chifukwa apa ikuimira mawu ena. Potsanzikana anthu amalemba 88, chifukwa bā bā imamveka ngati moni wotsanzikira wa Chingerezi. Wolira amalemba 555, kutsanzira kulira kwa wū wū wū, ndipo woyamikira luso la mnzake pa masewera amalemba 666. Palinso zachipongwe, monga 748, imene imamveka ngati kuuza munthu kuti akafe.

Mu 2014 pulogalamu ya pafoni ya WeChat idayambitsa envelopu yofiira yotumiza pa foni, ndipo apa mphatso ndi uthenga zidakhala chinthu chimodzi. Envelopu imodzi yotere siposa mayuwani 200, choncho anthu amatumiza ndalama zing'onozing'ono zonyamula tanthauzo: 5.20 kapena 52 kwa wokondedwa, 13.14 polonjeza kukhulupirika, 6.66 kwa wopita kukalemba mayeso, 8.88 kapena 168 kwa wotsegula bizinesi. Pa 20 Meyi kampaniyo imakweza malirewo kufika pa 520 kuti okondana atumize nambala yonse. Wolandira 5.20 amawerenga mawu a chikondi, ndipo n'chifukwa chake kutumiza nambala imeneyi kwa bwana kapena kwa mkazi wa mwini ndi cholakwa chachikulu.

Si Matchaina onse amene amatsata zimenezi mofanana. Kuopa 4 n'kwamphamvu kwambiri kumwera, ku Hong Kong, ku Taiwan ndi pakati pa Matchaina a kumaiko ena, ndipo kumapezekanso ku Japan ndi ku Korea komwe mawu a 4 ndi a imfa amafanananso. Komabe chikhalidwe chomwecho chili ndi zinayi zambiri zolemekezeka: nyengo zinayi za chaka, zipangizo zinayi za mlembi zomwe ndi burashi, inki, pepala ndi mwala wosungunulira inki, ndiponso chakudya cha paphwando cha mibulu inayi ya nyama chotchedwa sìxǐ wánzi, kutanthauza zimwemwe zinayi. Nayonso 8 siikondedwa paliponse. Pali mawu akale akuti qī shàng bā xià, onena za mtima wosakhazikika, amene liwu ndi liwu amati 7 kukwera, 8 kutsika. Chifukwa cha mawuwa, ena ofuna kukwezedwa pantchito amasankha nsanjika 7 n'kusiya 8. Nsanjika 18 ena amaifuna poti imamveka ngati ndilemera, ena amaikana poti m'zikhulupiriro zachikale malo a chilango cha akufa ali ndi zigawo 18.

Tanthauzo la nambala limathanso kusinthidwa ndi zochitika. Chivomezi chachikulu chitagwedeza chigawo cha Sichuan pa 12 Meyi 2008 ndi kupha anthu pafupifupi 70,000, ena adawerenga n'kupeza kuti padatsala masiku 88 kuti Olimpiki iyambe, ndiponso kuti 5, 1 ndi 2 zikaphatikizidwa zimapanga 8. Kwa kanthawi anthu ankanong'onezana kuti 8 yatembenuka. Manong'onong'owo adazilala, ndipo mitengo ya m'masitolo idapitiriza kuthera pa 8.

Kwa anthu ambiri ophunzira a m'mizinda, kusankha nambala ndi nkhani ya ulemu kuposa mantha. Munthu amene angaseke ganizo lakuti 4 imabweretsa imfa sangapatsebe agogo ake odwala zipatso zinayi, chifukwa akudziwa chimene agogowo angamve. Mlendo wolakwitsa mosadziwa kawirikawiri amakhululukidwa ndipo sauzidwa kanthu. Chizindikiro chimakhala chakuti wolandira wazengereza, wamwetulira mouma, kapena wabweza kandalama kakang'ono. Kubweza kandalamako ndi njira yodziwika yochotsera tsoka pa mphatso yosayenera monga wotchi kapena mpeni: wolandira akapereka ndalama yachitsulo imodzi, chinthucho chimawerengedwa kuti wachita kugula.